Kutembenuza maakaunti a kampani yaing'ono ya kunja: reti ya avareji ndi reti yotsekera

Kampani ikakhala ndi kampani ina pansi pake m'dziko lina, pakutha pa chaka mabuku a makampani awiriwo amayenera kuphatikizidwa kuti atuluke mu ndalama imodzi. National Bank of Malawi ili ndi Akiba Commercial Bank ku Tanzania, choncho mashilingi amatembenuzidwa kukhala makwacha. FMBcapital Holdings, yomwe inalembetsedwa ku Mauritius, imalemba maakaunti ake m'madola, choncho makwacha a First Capital Bank kuno amatembenuzidwa kupita ku dola. Lamulo lotsogolera ntchitoyi ndi IAS 21, ndipo mtima wake uli pa ndime 39 ndi 40.

Pano titsatira kampani yongopeka ya ku Blantyre yogulitsa feteleza ndi mbewu, yomwe kampani yake yaikulu imawerengera m'madola. Chaka ndi 2023, chifukwa pa 9 Novembala chaka chimenecho Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, mtengo wogulitsira dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Mareti a m'chitsanzochi ndawasalaza dala kuti masamu aziyenda: K1,000 potsegula chaka, K1,100 ngati avareji ya miyezi ya kwacha isanagwe, ndi K1,700 kuyambira itagwa mpaka potseka chaka. Pa ntchito yeniyeni mudzatenge mareti enieni ku banki.

Choyamba: dziwani ndalama imene kampani yaing'onoyo imagwirira ntchito

Musanakhudze reti iliyonse, funsani kuti kampaniyo imapuma ndalama iti. Mitengo ya katundu wake imaikidwa mu ndalama yanji? Malipiro a antchito, lendi ndi zina zambiri zimalipidwa mu ndalama yanji? Kampani yathuyi imagulitsa kwa alimi m'makwacha, imalipira antchito m'makwacha, ndipo imadziyendetsa yokha, choncho ndalama yake yogwirira ntchito ndi kwacha, ngakhale feteleza amachokera kunja. Ikanakhala yongolandira katundu kuchokera ku kampani yaikulu, kugulitsa pa mitengo ya madola n'kutumiza ndalama zonse, ndalama yake yogwirira ntchito ikanatha kukhala dola, ndipo njira yonse ili m'munsiyi sikanagwira ntchito chimodzimodzi.

Chachiwiri: tsekani mabuku a makwacha kaye

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Ngati kampani yaing'onoyo ili ndi ngongole ya madola kwa amene amaigulitsa feteleza, ngongoleyo imawerengedwanso pa reti yotsekera, ya tsiku lomaliza la chaka, m'mabuku ake a makwacha, ndipo kuluza kobwera chifukwa cha kugwa kwa kwacha kumalowa m'phindu la chaka la kampaniyo. Ngongole ya $100,000 yomwe inalembedwa ngati K110 miliyoni imasanduka K170 miliyoni, ndipo K60 miliyoni ya pakatiyo imadya phindu. Uku n'kuluza kwenikweni, makwacha ake adzatulukadi m'thumba. Kutembenuza kumene tikunena pano kumabwera zimenezi zitatha, ndipo kusiyana kwake sikulowa m'phindu. Onetsetsaninso kuti njira zowerengera, monga za kutha kwa makina ndi mtengo wa sitoko, ndi zofanana ndi za kampani yaikulu. Kukonza koteroko kumachitika m'makwacha, osati m'madola.

Mabuku athu atatsekedwa akuonetsa izi. Chuma chotsala mukachotsa ngongole chinali K3,400 miliyoni potsegula chaka. Phindu la chaka ndi K1,020 miliyoni. Mu Juni kampaniyo inapereka dividendi ya K187 miliyoni. Potseka chaka chuma chotsala ndi K4,233 miliyoni.

Chachitatu: balansi shiti, reti yotsekera

Gawo ili n'losavuta. Chuma chonse ndi ngongole zonse zimagawidwa ndi reti ya tsiku lotsekera chaka, K1,700. Nyumba ndi magalimoto za K2,550 miliyoni zikhala $1,500,000. Sitoko ya K1,700 miliyoni ikhala $1,000,000. Ngongole zimene makasitomala sanabweze, K2,040 miliyoni, zikhala $1,200,000, ndipo ndalama za ku banki, K1,343 miliyoni, zikhala $790,000. Zonse pamodzi ndi $4,490,000. Ngongole za kampani za K3,400 miliyoni zikhala $2,000,000. Chotsala ndi $2,490,000.

Ena amafuna kusunga nyumba ndi makina pa reti ya tsiku limene anagula, poganiza kuti nyumba sigwa mtengo chifukwa kwacha yagwa. Maganizowo ndi omveka, koma lamulo silikutero: pa kutembenuza kampani yonse, chuma chilichonse chimatsata reti yotsekera, kaya ndi ndalama kaya ndi njerwa. Manambala a chaka chatha oyerekezera amakhala pa reti yotsekera ya chaka chathacho, simuwakonzanso.

Chachinayi: zolowa ndi zotuluka, ndipo apa tikhalitsepo

Anthu amaloweza kuti phindu limatembenuzidwa pa reti ya avareji. IAS 21 sinena choncho. Ndime 39 imati zolowa ndi zotuluka zitembenuzidwe pa reti ya tsiku limene chilichonse chinachitika. Ndime 40 ndi yomwe imalola avareji, ngati njira yachidule, malinga ngati ikuyandikira mareti enieniwo, ndipo ndime yomweyo imachenjeza kuti ngati mareti akusinthasintha kwambiri, avareji ya nyengo yonse siyoyenera. Kunena kwina, avareji ndi chilolezo chimene chimatha kulandidwa.

Tiyeni tione njira zitatu zimene munthu angapezere reti ya 2023.

Njira yaulesi ndi kuphatikiza reti yotsegulira ndi yotsekera n'kugawa pawiri. K1,000 ndi K1,700 zipereka K1,350. Reti imeneyi sinakhalepo tsiku lililonse m'chakacho ndipo ikuyesa ngati kwacha inkagwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, pomwe inagwa kamodzi usiku umodzi. Isiyeni.

Njira yofala ndi avareji ya miyezi 12. Miyezi 10 pa K1,100 ndi miyezi iwiri pa K1,700 zipereka K1,200. Phindu la K1,020 miliyoni pa reti iyi ndi $850,000. Masamu ake ndi olondola, koma akubisa funso lalikulu: kodi malonda anachitika liti? Avareji iyi ikupatsa Malichi kulemera kofanana ndi Novembala, ngati kuti kampani imagulitsa mofanana chaka chonse.

Wogulitsa feteleza sagulitsa mofanana. Mu Malichi ndi Epulo shopu imakhala zii, ogulitsa akungothamangitsa ntchentche. Mvula ikayandikira, mu Novembala ndi Disembala, mzere umafika panja ndipo matumba a Urea ndi NPK amatuluka mosalekeza pa njinga ndi m'malole. M'kampani yathu, pa malonda a K5,600 miliyoni a chaka chonse, K2,200 miliyoni anachitika kwacha isanagwe, ndipo K3,400 miliyoni itagwa kale. Ndiye kuti gawo lalikulu la makwachawa linalowa pamene dola imodzi inkafuna K1,700. Kuwagawa ndi K1,200 n'kuwapatsa mphamvu imene analibe.

Njira yoyenera ndi kudula chaka pa tsiku limene kwacha inagwa, chigawo chilichonse n'kukhala ndi reti yake.

| | Kwacha isanagwe, K1,100 | Itagwa, K1,700 | Chaka chonse |
|---|---|---|---|
| Malonda | K2,200m = $2,000,000 | K3,400m = $2,000,000 | $4,000,000 |
| Zotuluka | K1,826m = $1,660,000 | K2,754m = $1,620,000 | $3,280,000 |
| Phindu | K374m = $340,000 | K646m = $380,000 | $720,000 |

Phindu ndi $720,000, osati $850,000. Avareji ya chaka inakweza phindu ndi $130,000, ndipo malonda inawaonetsa ngati $4,666,667 m'malo mwa $4,000,000. Ngati bonasi ya mabwana imatengera phindu la m'madola, mukhoza kuona chifukwa chimene maodita amafunsitsa za reti imeneyi kuposa ina iliyonse.

Pa ntchito ya masiku onse, chabwino n'kutembenuza mwezi ndi mwezi, mwezi uliwonse pa avareji yake, n'kuphatikiza madolawo. Mwezi umene ndalama yagwa, monga Novembala 2023, muudule pawiri: masiku 1 mpaka 8 paokha, 9 mpaka 30 paokha. Mu Excel, ngati makwacha a mzere umodzi ali mu B2 mpaka N2, ndipo mareti a zigawo 13 zimenezo ali mu B20 mpaka N20, lembani:

```
=SUMPRODUCT(B2:N2/B$20:N$20)
```

Mukagawa makwacha a chaka chonse ndi yankho limenelo mupeza reti yeniyeni ya mzerewo. Pa malonda athu ndi K5,600 miliyoni kugawa ndi $4,000,000, yomwe ndi K1,400. Iyerekezeni ndi K1,200 ya avareji. Zikatalikirana chonchi, avareji ya chaka yalephera mayeso. Zikayandikana, ngati momwe zimakhalira chaka chimene ndalama yakhazikika, gwiritsani ntchito avareji ndi mtima wofatsa, ndipo sungani kuyerekezaku m'fayilo kuti odita akafunsa mungomutambasulira.

Zinthu zikuluzikulu zochitika kamodzi musaziike pa avareji iliyonse. Kugulitsa nyumba, chindapusa chachikulu, ndiponso kuluza kwa pa ngongole ya madola kuja, zonsezi zili ndi tsiku lake. Kuluza kwa K60 miliyoni kunabadwa pa 9 Novembala, ndiye kumatembenuzidwa pa K1,700. Kutha kwa makina nako kumatsata reti ya mwezi umene kwalembedwa, osati reti ya tsiku logulira makinawo. Chimodzimodzi mtengo wa feteleza amene anagulidwa mu Ogasiti koma wagulitsidwa mu Disembala: amakhala chotuluka mu Disembala, choncho reti yake ndi ya Disembala. Izi zimadabwitsa a ku likulu, chifukwa thumba la feteleza limene iwo akukumbukira kuti linadya madola ochuluka limaoneka lotchipa m'maakaunti ophatikiza. Palibe cholakwika pamenepo, kusiyanako kukadikira kumalo ena amene tikufikako.

Chachisanu: gawo la eni kampani

Ndalama za masheya zimakhala pa reti ya tsiku limene zinaikidwa, kapena tsiku limene kampani yaikulu inagula kampaniyi. IAS 21 sinalamule reti ya gawo limeneli mwachindunji, koma iyi ndi njira imene pafupifupi aliyense amatsata. Kwa ife ndi K1,000 miliyoni pa K800, yomwe ndi $1,250,000, ndipo nambalayi sisuntha chaka ndi chaka.

Phindu losungidwa la zaka za m'mbuyo silitembenuzidwa ndi reti iliyonse. Mumangotenga madola amene munatsekera chaka chatha, n'kuwonjezera phindu la chaka chino, n'kuchotsa dividendi. Fayilo ya chaka chatha ikuonetsa $2,600,000. Onjezerani $720,000. Dividendi ya K187 miliyoni ili ndi tsiku lake mu Juni, pa K1,100, yomwe ndi $170,000. Zotsala ndi $3,150,000. Amene wataya fayilo ya chaka chatha amayesa kugawa phindu losungidwa la makwacha ndi reti yotsekera, ndipo pamenepo mbiri yonse ya thumba la kusintha kwa ndalama, limene tilione m'gawo lotsatira, imafufutika.

Chachisanu ndi chimodzi: kusiyana kwa mareti, ndi umboni wake

Tsopano mabuku sakugwirizana, ndipo sayenera kugwirizana. Tinatsegula ndi K3,400 miliyoni pa K1,000, yomwe ndi $3,400,000. Kuwonjezera phindu la $720,000 n'kuchotsa dividendi ya $170,000 kukupereka $3,950,000. Koma balansi shiti yati $2,490,000. Pasowa $1,460,000.

Ndalama imeneyi ndi kusiyana kwa mareti. Silowa m'phindu la chaka. Imadutsa m'gawo la zopindula ndi zoluza zosalowa m'phindu, limene m'maakaunti limalembedwa kuti OCI, n'kukaunjikana m'thumba lapadera m'gawo la eni kampani, lomwe pa masipuredishiti ambiri mudzaliona litalembedwa FCTR. Chifukwa chake n'chakuti palibe dola imene yatuluka. Kampani ya ku Blantyre ikadali ndi nyumba zake ndi matumba ake, chasintha ndi ndodo yoyezera.

Vuto la thumba limeneli ndi lakuti limameza chilichonse. Mukalakwitsa kulemba dividendi, kapena mukaiwala mzere wina, mabuku amagwirizanabe chifukwa cholakwacho chabisala mu nambala yotsekera mpatayo. Choncho musaivomereze musanaiwerenge mwa njira yachiwiri. Imachokera m'magwero atatu, ndipo lililonse limawerengeka palokha.

Gwero loyamba ndi chuma chimene tinatsegula nacho. K3,400 miliyoni inali $3,400,000 mu Januwale, koma pa K1,700 ndi $2,000,000. Taluza $1,400,000. Lachiwiri ndi phindu: tinalilemba ngati $720,000, koma makwacha akewo, K1,020 miliyoni, ali m'balansi shiti pa K1,700, pomwe ndi $600,000 yokha. Taluza $120,000. Lachitatu ndi dividendi, yomwe ikubwera mobweza: K187 miliyoni inatuluka ili $170,000, pomwe ikanakhalabe mpaka Disembala ikanakhala $110,000. Ndalamayo inathawa kugwa kwa kwacha, ndiye tibweza $60,000.

```
-1,400,000 - 120,000 + 60,000 = -1,460,000
```

Zagwirizana ndi mpata uja. Zikapanda kugwirizana, yang'anani kaye zinthu zimene zinalowa m'gawo la eni kampani osadutsa m'phindu, monga masheya atsopano kapena kukweza mtengo wa nyumba pambuyo pa kuunika, chifukwa chilichonse chotere chili ndi reti ya tsiku lake ndipo chimafuna mzere wake mu umboniwu. Kenako onani ngati chuma chotsegulira chaka chino chikufanana ndi chotsekera chaka chatha. Kawirikawiri maodita a kampani yaing'ono amakhala atakonza manambala pambuyo poti paketi ya manambalawo yatumizidwa kale ku likulu.

Thumbalo linatsegula chaka lili pa $450,000 yoluza, tsopano lafika pa $1,910,000 yoluza. Masheya $1,250,000, phindu losungidwa $3,150,000, kuchotsa $1,910,000, zikupereka $2,490,000, ndendende ndi balansi shiti.

Taonani chimene chikanachitika tikanakakamira avareji ya K1,200. Phindu likanakhala $850,000, gwero lachiwiri likanakhala $250,000, ndipo kusiyana konse kukanakhala $1,590,000. Chuma chotsala chikanakhalabe $2,490,000. Reti ya avareji sisintha balansi shiti ndi senti imodzi. Chimene imachita n'kusamutsa ndalama pakati pa phindu, limene aliyense amaliwerenga, ndi thumba lija, limene ochepa amalitsegula. N'chifukwa chake avareji yolakwika siigwidwa ndi kugwirizana kwa mabuku, ndipo umboni wa magwero atatu uja nawonso suigwira. Imagwidwa ndi mayeso a mwezi ndi mwezi okha.

Chachisanu ndi chiwiri: pophatikiza

Ngati kampani yaikulu ili ndi masheya 80 peresenti okha, eni masheya enawo amasenza gawo lawo la kusiyanaku. Pa $1,460,000, iwo atenga $292,000 ndipo $1,168,000 ndi imene ipite ku thumba la kampani yaikulu.

Gudiwilu imene inabwera pogula kampaniyi, yomwe ndi ndalama yolipidwa pamwamba pa mtengo wa chuma chake chotsala, imatengedwa ngati chuma cha kampani ya ku Blantyre. Imasungidwa m'makwacha ndipo imatembenuzidwa pa reti yotsekera chaka chilichonse, ngakhale mtengo wogulira unalipidwa m'madola. Imaiwalika mosavuta chifukwa simapezeka m'mabuku a kampani yaing'ono, imangokhala pa pepala lophatikizira.

Ngongole za pakati pa makampani awiriwa zimafafanizidwa, koma kuluza kwa kusintha kwa ndalama kumene kampani yaing'ono inalemba pa ngongole ya madola ya kwa kampani yaikulu sikufafanizika. Kumatsalabe m'phindu la gulu lonse, chifukwa makwacha adzayenerabe kusinthidwa kuti ngongoleyo ibwezedwe. Kumachoka m'phindu kupita ku thumba lija pokhapokha ngati ngongoleyo palibe dongosolo loibweza ndipo sikuyembekezeka kubwezedwa posachedwa, moti ili ngati ndalama za masheya. Ngongole ya katundu wamalonda silowa m'gulu limeneli.

Thumba lija silikhala mpaka kalekale. Tsiku limene kampani yaikulu idzagulitse kampaniyi n'kusiya kuilamulira, gawo lake lonse lounjikana limachoka n'kulowa m'phindu la chaka chimenecho. Kugulitsa kumene kumaoneka kopindulitsa kungasanduke kuluza pa chifukwa chimenechi, choncho amene akukambirana mtengo ayenera kuiona nambalayi asanasaine.

Reti yotsekera yake iti?

Kuno funsoli si lamasewera, poti reti ya ku banki ndi ya kunja kwa banki zimatalikirana, ndipo madola a pa reti ya banki sapezeka nthawi zonse. Kuyambira zaka zoyamba pa 1 Januwale 2025, IAS 21 ili ndi ndime zatsopano zonena za ndalama imene singasinthike. Zimafuna kuti muyambe mwaunika ngati kampani ingapezedi madola pa cholinga chimenecho, chomwe pa kutembenuza kampani yonse ndi kutulutsa chuma chake, monga potumiza dividendi. Ngati ingapeze pang'ono chabe posanunkha kanthu, mumayerekeza reti imene malonda abwinobwino akanachitikira tsikulo, n'kufotokoza m'maakaunti momwe mwaipezera. Chiganizo chimenechi chipangidwe ndi gulu lonse pamodzi ndi maodita chaka chisanathe, ndipo chikhudze avareji komanso reti yotsekera.

Palinso malire amodzi a njira yonseyi. Ngati chuma cha dziko la kampani yaing'ono chaweruzidwa kuti mitengo ikukwera mopyola muyeso, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake ndi kukwera koyandikira kapena kupyola 100 peresenti pa zaka zitatu, lamulo lina la IAS 29 limalowererapo, monga zinachitikira ku Zimbabwe mu 2019. Pamenepo maakaunti amayamba akonzedwa ndi muyeso wa kukwera kwa mitengo, kenako chilichonse, malonda ndi phindu zomwe, chimatembenuzidwa pa reti yotsekera, ndipo tebulo la avareji la gawo lachinayi lija siligwiranso ntchito.